Kuthamanga modekha, modukiza, kapena kunyamula zitsulo: maola atatu a pa sabata muwaike pati?

Anthu ambiri amagawa masewera olimbitsa thupi potengera dzina. Kuthamanga amati ndi erobiki, kunyamula zitsulo amati ndi anaerobiki, nkhani n'kuthera pomwepo. Kagawidwe kotere kamasocheretsa. Usain Bolt anathamanga mamita 100 pa masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009. Mumzinda womwewo, mu 2022, Eliud Kipchoge anathamanga makilomita 42.195 pa maola awiri, mphindi imodzi ndi masekondi 9. Onse awiri ankathamanga, koma miyendo yawo sinkatenga mphamvu malo amodzi. Ya Bolt inkadya nkhokwe yomwe inali kale m'minofu, osadikira mpweya umene iye ankapuma, pamene ya Kipchoge inkadalira okosijeni wofika ndi magazi pafupifupi ulendo wonse. Chimene chimasiyanitsa erobiki ndi anaerobiki, ndiye kuti, ndi kukula kwa mphamvu imene mukuikapo ndi kutalika kwa nthawi imene mungapirire mukutero. Njinga yomweyo ikhoza kukupatsani zonse ziwiri.

Mnofu sukoka popanda kanthu kena kopatsa mphamvu kotchedwa ATP, ndipo kanthuka kamasungidwa kochepa zedi, kokwana masekondi awiri kapena atatu a ntchito ya mphamvu zonse. Thupi limayenera kukapanga kosalekeza, ndipo lili ndi njira zitatu zochitira zimenezi.

Yachangu kuposa zonse imadalira fosifokiriyetini, amene amakhala m'mnofu momwemo. Ameneyu ndiye amakunyamulani mukalumpha, mukadzutsa chinthu cholemera kwambiri, kapena mukaliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Vuto lake satha masekondi opitirira 10 ali pachimake. Njira yachiwiri imaphwanya shuga mofulumira popanda kugwiritsa ntchito okosijeni. Imatenga ntchito yaikulu kuyambira pa masekondi 10 amenewo mpaka mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo ndi pamene lakiteti, chotsalira cha shuga wophwanyidwayo, amachuluka m'magazi, miyendo n'kuyamba kuotcha. Njira ziwirizi ndiye anaerobiki. Yachitatu, ya erobiki, imatentha shuga ndi mafuta ndi okosijeni m'tizigawo ta maselo totchedwa mitokondiriya. Imachedwa kufika pachimake, komanso siitulutsa mphamvu mwachangu ngati zinzakezo, koma imakolola zambiri: shuga yemweyo amene njira yachiwiri imapezapo ATP awiri, iyi imapezapo pafupifupi 30. Anaerobiki ndi moto wa mapesi, erobiki ndi chikuni chogonera.

Njira zitatuzi sizidikirana ngati anthu a pamzere. Zimayaka zonse nthawi imodzi, chimasintha ndi gawo limene iliyonse yasenza. Munthu akathamanga ndi mphamvu zake zonse kwa masekondi pafupifupi 75, theka la mphamvuyo limakhala lachokera ku okosijeni ndipo theka linalo ayi. Wayde van Niekerk atathamanga mamita 400 pa masekondi 43.03 ku Rio mu 2016, gawo lalikulu linali la anaerobiki. David Rudisha atamaliza mamita 800 pa mphindi imodzi ndi masekondi 40.91 ku London mu 2012, okosijeni anali atasenza kale gawo loposa theka, ngakhale kwa woonera zinkaoneka ngati liwiro lokhalokha.

Mungadziwe bwanji mbali imene muli popanda makina? Yankhulani. Ngati mukutha kunena chiganizo chathunthu koma kuimba kukukanika, muli pa erobiki wapakatikati. Mawu akayamba kutuluka atatu kapena anayi kenako n'kupuma, mwafika pamalire pomwe lakiteti wayamba kupangidwa mofulumira kuposa mmene thupi likumuchotsera. Mukafika pongogwedeza mutu wina akakufunsani funso, mwadutsa malirewo, ndipo mphindi zanu n'zowerengeka.

Tsopano tiyeni titenge munthu mmodzi kuti tiyezerepo njira zonse. Tinene kuti ndi bambo wa zaka 45, wolemera makilogalamu 80, amene amakhala pampando tsiku lonse. Akakwera masitepe a nsanjika ziwiri amafika ali wefuwefu, kuthamanga kwa magazi ake kwayamba kukwera pang'ono, ndipo akakhala pansi penipeni amadzuka mochita kugwira bondo. Nthawi imene angapatule ndi maola atatu pa sabata. Pali njira zitatu zimene angaikepo maolawo.

Kuyenda ndawala kapena kuthamanga modekha

Iyi ndi erobiki weniweni: kuyenda mofulumira, kuthamanga pang'onopang'ono, kupalasa njinga kapena kusambira kwa mphindi 30 mpaka 60 osaima. Kuti adziwe mlingo wake, bamboyu atha kuyerekeza kugunda kwa mtima kwapamwamba kwambiri pochotsa zaka zake pa 220, zimene zikupereka 175 pa mphindi. Erobiki wodekha amakhala cha pa 65 mpaka 75 peresenti ya nambala imeneyi, kutanthauza kugunda 114 mpaka 131. Chiwerengero cha 220 chi ndi chongoyerekeza, chimaphonya ndi kugunda 10 kapena kuposa kwa anthu ambiri, ndipo sichigwira n'komwe kwa amene akumwa mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi omwe amachedwetsa mtima. Wotchi ikasemphana ndi mayeso a kuyankhula aja, ine ndimakhulupirira mpweya.

Kusintha koyamba kumachitika m'magazi. M'masabata awiri oyambirira madzi a m'magazi amachuluka, motero mtima umalandira magazi ambiri ndi kutulutsa ambiri pa kugunda kulikonse. Pakapita miyezi, chipinda chakumanzere cha mtima, chimene chimapopera magazi ku thupi lonse, chimadzaza bwino ndi kufinya mwamphamvu. Mtima wa munthu wamkulu akamapuma umapopa malita pafupifupi 5 pa mphindi. Wosachita masewera amawakwanitsa malitawo pogunda ka 70 kapena ka 80, chifukwa kugunda kulikonse kumatulutsa mamililita 70 kapena kuchepera. Wozolowera erobiki amapopa malita omwewo ndi kugunda kochepa, ndipo akatswiri a mitunda italiitali ena mtima wawo umagunda ka 40 kokha. Apa ndi pamene bambo wathu angayezere ngati zikuyenda: awerenge kugunda kwa mtima m'mawa asanadzuke pabedi, kamodzi pa sabata. Kutsika kuchoka cha pa 78 kufika cha pa 70 pa miyezi itatu si zachilendo.

Anthu ambiri amaganiza kuti masewerawa amakulitsa mapapo. Mapapo sasintha kwenikweni kukula kwake. Kumene kumachitika ntchito yaikulu ndi kumiyendo. Timitsempha ting'onoting'ono ta magazi timachuluka mozungulira ulusi wa mnofu, mitokondiriya amachuluka, ndipo mnofu umaphunzira kutentha mafuta ambiri n'kumasunga shuga. Phuma la pa masitepe lija limachepa chifukwa miyendo yasiya kupempha thandizo la anaerobiki pa ntchito yaing'ono. Kwa amene kuthamanga kwa magazi kwakwera kale, erobiki wochitidwa mokhazikika amatsitsa nambala yapamwamba ija ndi 5 mpaka 8, zimene si zochepa ayi.

Zimene njirayi siingamupatse n'zoonekeratu. Siimuwonjezera mphamvu yodzukira pansi, siikhudza kwenikweni mikono, msana ndi chifuwa, ndipo ngati wasankha njinga kapena kusambira, mafupa ake sapindula zambiri chifukwa sakusenza thupi. Nkhani yochepetsa thupi nayo imafuna masamu osanyengerera. Kuthamanga kumadya pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa kilomita iliyonse, choncho bambo wa makilogalamu 80 akathamanga makilomita 5 watentha makalori pafupifupi 400. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Ndiye kuti maulendo 19 otere ndiye kilogalamu imodzi, ndipo zimenezo n'ngati njala yobwera pambuyo pake sinamubwezeretse zonse m'mbale.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri pa njirayi ndi kuthamangitsa. Munthu amaona ngati kuthamanga modekha n'kuseweretsa nthawi, ndiye tsiku lililonse amakhala pa malire paja pomwe mawu amatuluka atatuatatu. Amatopa kwambiri moti sangatalikitse ulendo, komabe safika pa liwiro limene lingamupatse phindu la kuthamanga modukiza. Zizindikiro zake: miyendo yolemera tsiku ndi tsiku, kugunda kwa mtima kwa m'mawa kukwera m'malo motsika, ndi kuwawa kutsogolo kwa msongolo kapena kuseri kwa chidendene. Mtima umazolowera msanga kuposa mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa, ndipo ambiri amavulala pa nthawi imene mpweya wayamba kuwalola kuchita zimene miyendo sinakonzekere.

Kuthamanga modukiza

Apa mumachita mwamphamvu kwa nthawi yochepa, n'kupuma, n'kubwerezanso. Pali mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza, ndipo zotsatira zake si zofanana.

Mtundu woyamba ndi liwiro lenileni: masekondi 8 kapena 10 ndi mphamvu zonse, kenako kupuma mphindi ziwiri kapena zitatu. Kupuma kwautaliku si ulesi. Fosifokiriyetini akatha, theka lake limabwerera pa masekondi pafupifupi 30, koma kuti adzaze pafupifupi yense pamafunika mphindi zitatu mpaka zisanu. Chosangalatsa n'chakuti amene amamubwezeretsa ndi okosijeni, n'chifukwa chake mumapumira m'mwamba mutaima kale, ndiponso n'chifukwa chake wosewera mpira amene ali ndi erobiki wabwino amatha kubwereza liwiro lake kambirimbiri mpaka kumapeto kwa masewero. Mtundu uwu umaphunzitsa ulusi wa mnofu wokoka mofulumira ndi ubongo umene umaulamula. Umapatsa liwiro ndi mphamvu yolumphira, koma mtima supindula nawo kwambiri.

Mtundu wachiwiri ndi umene wafala m'majimu: mphindi imodzi mwamphamvu, mphindi imodzi modekha, kubwereza ka 6 mpaka ka 10, kapena mphindi zinayi mwamphamvu ndi zitatu modekha, kubwereza kanayi. Anthu amautchula anaerobiki chifukwa umapweteka, koma zoona zake n'zakuti ndi wosakaniza, ndipo mukamabwereza, gawo la okosijeni limakulirakulira chifukwa nkhokwe zachangu zija sizinadzazenso. Pofika ulendo wachinayi mtima umakhala ukupopa pafupi ndi malire ake. Kwa bambo wathu, apa ndi pa 85 mpaka 90 peresenti ya 175, kugunda 149 mpaka 158. Ichi n'chifukwa chake njira imeneyi imakweza mofulumira kuchuluka kwa okosijeni amene thupi lingagwiritse ntchito pa mphindi, kawirikawiri pa nthawi yochepa kuposa imene kuthamanga modekha kungafune. Imaphunzitsanso minofu kupirira asidi ndi kuchotsa lakiteti msanga.

Dzina la Izumi Tabata limamveka kwambiri pankhaniyi. Kafukufuku wake wa mu 1996 ku Japan anali wa masekondi 20 a ntchito ndi 10 opuma, kubwereza ka 7 kapena ka 8, zonse pamodzi mphindi zinayi. Chimene otsatsa masewera a mphindi zinayi satchula n'chakuti ochita nawo anali anyamata ozolowera masewera, ankapalasa njinga ya mu labotale pa mphamvu yoposa kutali imene okosijeni yekha akanakwanitsa, ndipo ankamaliza atatheratu. Kulumphalumpha pabalaza kwa masekondi 20 uku mukuyang'ana foni ndi masewera ndithu, koma si zimene zinayezedwa pamenepo.

Za lakiteti pali bodza limene lakana kufa, loti ndiye amachititsa kuwawa kwa minofu kumene kumabwera mawa lake. Lakiteti amakhala atachoka m'magazi pasanathe ola limodzi. Ndipo si chinyalala: mtima ndi minofu ina amamutentha ngati chakudya, chiwindi n'kusandutsa wotsalayo kukhala shuga. Kuwawa kofika pachimake patapita tsiku limodzi mpaka atatu kumachokera ku timabala tating'ono m'mnofu ndi kutupa kotsatira, makamaka pa ntchito imene mnofu umakoka uku ukutalika, monga kutsika phiri kapena kutsitsa chitsulo pang'onopang'ono.

Kodi bamboyu aike maola ake onse apa? Ayi, ndipo sangathe n'komwe. Kawiri pa sabata ndi malire a anthu ambiri, ndipo kwa munthu wa zaka 45 amene wakhala zaka asakuthamanga, liwiro la mphamvu zonse pa tsiku loyamba ndi njira yachidule yong'ambira mnofu wa kuseri kwa ntchafu. Ngozi ya mtima pa masewera amphamvu ndi yaing'ono, koma imakhala yokulirapo kwa amene sanazolowere n'kuyamba mwadzidzidzi. Njira iyi ndi yabwino kuiwonjezera pamwamba pa maziko, osati kuyambira.

Kunyamula zitsulo

Kudzutsa cholemera ka 8 mpaka ka 12, kumene kumatenga masekondi 20 mpaka 40, ndi ntchito ya anaerobiki. Cholemeracho chikhoza kukhala chitsulo, lamba wotamuka, kapena thupi lanu lomwe. Mnofu sudziwa kusiyana kwake, umangodziwa kuti wakokedwa mpaka pafupi ndi kulephera.

M'masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi oyambirira mphamvu zimakwera mofulumira pamene thupi likuoneka chimodzimodzi. Kumeneko n'kuphunzira kwa ubongo ndi mitsempha yake: imayamba kudzutsa ulusi wambiri wa mnofu nthawi imodzi ndi kuugwirizanitsa bwino. Kukula kwa mnofu weniweni kumayamba kuoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Ambiri amasiya pakati pa nthawi ziwirizi, kuwonjezeka kwachangu kuja kukachepa koma galasi lisanayambe kuwauza kanthu.

Pali zinthu ziwiri zimene njirayi imachita zomwe erobiki sangafikepo. Choyamba ndi kuteteza mnofu ku ukalamba. Kuyambira zaka za m'ma 30, munthu wosachita kanthu amataya 3 mpaka 8 peresenti ya minofu yake pa zaka khumi zilizonse, ndipo kutayaku kumafulumira akadutsa zaka 60. Umene umafota kwambiri ndi ulusi wokoka mofulumira uja, womwe umakugwirani mukapunthwa, ndipo kuyenda modekha sikuudzutsa kwenikweni. Umadzuka pokhapokha katundu akalemera, liwiro likakwera, kapena ulusi wodekha ukatopa. Kugwira bondo podzuka kwa bambo wathu ndi nkhani ya apa, ndipo makilomita ochuluka bwanji oyenda pamalo athyathyathya sangaithetse mmene masikwati, kunyonyomala ndi kudzuka mobwereza, angaithetsere. Chachiwiri ndi mafupa. Fupa limalimba pamalo pamene lapanikizidwa, motero kusenza cholemera kumathandiza chiuno ndi msana, malo amene amathyoka mwa okalamba, makamaka amayi amene anasiya kusamba.

Pa shuga wa m'magazi njira zonse zimathandiza, chifukwa mnofu umene ukugwira ntchito umakoka shuga ngakhale popanda insulini, ndipo umakhala womvera insulini kwa tsiku limodzi kapena awiri pambuyo pake. Zitsulo zimangowonjezera kukula kwa nkhokwe yolandira shugayo. Odwala shuga adziwe kuti mbali ziwirizi zimatha kuonetsa zosiyana pa makina oyezera: erobiki wautali amatsitsa shuga, mwina mopitirira kwa amene amabaya insulini, pamene liwiro kapena zitsulo zolemera zimatha kumukweza kwa kanthawi chifukwa cha adirenalini amene thupi limatulutsa pa ntchito yamphamvu.

Pali chonena china chimene chimakokomezedwa, choti mnofu umatentha mafuta inu muli mtulo. Umatenthadi, koma kilogalamu imodzi ya mnofu ikamapuma imadya makalori pafupifupi 13 pa tsiku. Bamboyu atawonjezera makilogalamu awiri a mnofu, zimene zingamutengere miyezi yambiri, wapeza makalori 26 pa tsiku. Phindu lenileni la zitsulo kwa wofuna kuchepa thupi ndi lakuti akachepetsa chakudya, zimene zikuchokazo zimakhala mafuta kwambiri osati mnofu.

Kwa munthu wa kuthamanga kwa magazi kokwera, chofunika kusamala ndi mpweya. Kubanika, kutseka mpweya uku mukukankha cholemera, kumakweza kuthamanga kwa magazi kwambiri kwa masekondi amenewo. Tulutsani mpweya pokweza, kokani potsitsa, ndipo sankhani kulemera kumene mungadzutse ka 10 mutatsala ndi mphamvu ya maulendo ena awiri. Ngati muyezo wanu mutakhala phee ukufika 180 pa 110, masewera adikire kaye mpaka achipatala autsitse. Palinso vuto lina losowa koma loopsa, limene limagwira amene achita mopyola muyezo tsiku loyamba, monga masikwati mazana: minofu imatupa, kuwawa kumaposa kwa masiku onse, ndipo mkodzo umada n'kukhala wofiirira. Pamenepo mnofu wawonongeka ndipo zotuluka mmenemo zikhoza kuvulaza impso. Si zodikira kuti zitha zokha.

Chimene zitsulo sizichita ndi kukulitsa mphamvu yopopa ya mtima mmene erobiki amachitira. Mtima umagundadi mofulumira pa masikwati, koma ukukankha magazi m'mitsempha yofinyidwa ndi minofu kwa masekondi ochepa, osati kupopa magazi ochuluka kwa nthawi yaitali. N'chifukwa chake mumapeza munthu wa zifuwa zotambalala akupumira m'mwamba pa masitepe omwe aja.

Kugawa maola atatuwo

Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a mu 2020 amati munthu wamkulu achite mphindi 150 mpaka 300 za erobiki wapakatikati pa sabata, kapena 75 mpaka 150 za wamphamvu, ndiponso masewera olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposa. Mawu akuti ndiponso ndi amene ambiri amawadumpha. Sanapereke mwayi wosankha chimodzi.

Ndikanakhala ndikumulangiza bamboyu, masabata asanu ndi limodzi oyamba ndikanamupatsa zinthu ziwiri zokha. Lolemba ndi Lachinayi, mphindi 30 za zitsulo: masikwati, kudzutsa cholemera kuchokera pansi msana uli wowongoka, mapushapu, ndi kukokera cholemera kuchifuwa. Chilichonse achite maulendo 8 mpaka 12, apume masekondi 90, abwereze kawiri, ndipo pakapita masabata angapo katatu. Akafika pa 12 mosavutikira, awonjezere kulemera pang'ono n'kubwerera pa 8. Lachiwiri, Lachisanu ndi Loweruka, mphindi 40 za kuyenda ndawala, mtima uli pakati pa 114 ndi 131. Kuyenda kukasiya kuufikitsa mtima pamenepo, ayambe kusakaniza ndi kuthamanga pang'ono. Zonse pamodzi ndi mphindi 180.

Kuyambira sabata yachisanu ndi chiwiri, Lachisanu lisinthe: mphindi 10 zotenthetsa thupi, kenako mphindi imodzi mwamphamvu ndi imodzi modekha ka 6, n'kumaliza ndi mphindi zitatu zoyenda. Zakwana 25. Pachitunda kapena pa njinga ndi pabwino kuposa pamalo athyathyathya chifukwa mwendo sutambasuka kwambiri. Mphindi 15 zimene zapulumuka zipite ku masiku odekha, Lachiwiri likhale 45 ndipo Loweruka 50. Mulingo woti wachita bwino ndi wakuti ulendo wachisanu ndi chimodzi ufanane liwiro ndi woyamba. Ngati wachitatu wagwa kale, ndiye kuti anayamba mothamangitsa.

Wowerenga mosamala waona kuti erobiki wa ndondomekoyi sakufika pa 150. Ngakhale titawerenga kawiri mphindi zamphamvu zija, monga malangizowo amalolera, tikupeza cha pa 126. Ndasankha dala kuperewera kumeneku kusiyana ndi kudula zitsulo, chifukwa mphindi 24 zotsalazo n'zosavuta kuzitola. Malangizo a 2020 anachotsa lamulo lakale loti masewera awerengedwe pokhapokha akafika mphindi 10, choncho kuyenda mofulumira mphindi zisanu tsiku lililonse la ntchito kwatseka mpatawo. Mphindi zisanu za masikwati olemera sizitoledwa panjira chotero.

Ena amaopa kuti erobiki adya mnofu. Manthawa ali ndi gwero lake. Mu 1980 Robert Hickson anaonetsa kuti anthu amene ankachita zonse ziwiri mwamphamvu, zitsulo masiku asanu ndi kuthamanga kapena njinga masiku asanu ndi limodzi pa sabata, mphamvu zawo zinasiya kukwera patapita masabata angapo poyerekeza ndi a zitsulo zokha. Koma umenewo unali katundu wa akatswiri. Pa maola atatu pa sabata kusokonezana kumeneku n'kochepa moti sikuyenera kusintha ndondomeko. Zikagwera tsiku limodzi, yambani ndi chimene mukuchifuna kwambiri, ndipo musaike kuthamanga modukiza tsiku lotsatizana ndi masikwati olemera ngati miyendo ikumvekabe.

Kagawidwe kameneka kasinthe malinga ndi munthu. Mayi wa zaka 65 amene amayenda kale kwambiri koma akuvutika kudzuka pampando apindula kwambiri akapereka gawo lalikulu ku zolemera ndi masewera ophunzitsa kusadzandira, amene WHO imati a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita masiku atatu pa sabata. Mnyamata wa zaka 25 amene amakhalira mujimu koma mtima wake ukugunda ka 85 atakhala pansi akufunika zosemphana ndi zimenezo. Ndipo aliyense amene akumva kupanikizika pachifuwa, chizungulire, kapena mtima kugunda mosalongosoka pamene akuchita masewera aime pomwepo, akaonane ndi dokotala asanapitirize.

Chinthu chomaliza choyenera kuchidziwa pogawa nthawi ndi mmene zopindulazi zimathera mukasiya. Erobiki amathawa msanga: madzi a m'magazi aja amatsika m'masiku ochepa, ndipo pakatha masabata awiri mpaka anayi phuma limayamba kubwerera. Mphamvu ya minofu imakhalitsa, masabata atatu osagwira chitsulo sachotsa zambiri, ndipo tsiku limodzi pa sabata limatha kuisunga kwa miyezi bola kulemera kwa katundu kusatsike. Choncho sabata imene bambo wathu wapanikizika n'kutsala ndi mphindi 90 zokha, achite zitsulo kamodzi kwa mphindi 30 pa kulemera kwake kwa masiku onse, ndipo mphindi 60 zotsalazo azigawe pawiri poyenda ndawala kapena kuthamanga modekha.